Kalata yokumbukira Freddy: muilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Mwezi wa Malichi ukafika, mafoni a achinyamata ochokera ku Mulanje amadzaza ndi zikumbutso. Wina waika chithunzi cha mlatho womwe unaduka, wina cha malo omwe panali nyumba ya kwawo koma lero pali miyala ikuluikulu, wina cha m'bale wake ali mu suti ya paukwati. Pansi pa zithunzizo pamakhala mawu, ndipo ambiri mwa mawu omwe ndimawaona amakhala a Chingerezi chosalala bwino. Anzawo a kukoleji amayankha ndi timitima. Koma mayi wa munthu ali pachithunziyo, yemwe analira maliro enieniwo, nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti mwana wake walemba kanthu.

Namondwe wa Freddy anafika kumwera kwa dziko lino pakati pa Malichi 2023. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira. Ku Mulanje madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kusesa midzi, makamaka mbali ya ku Muloza, m'dera la Mfumu Yaikulu Njema. Ziwerengerozi zili m'malipoti. Zomwe sizili m'malipoti ndi zomwe zinatsala mumtima mwa munthu aliyense payekha, ndipo n'zomwe ena akuyesa kulemba: kalata ya zamumtima, yopita kwa munthu mmodzi wodziwika. Funso loyamba limabwera chala chisanakhudze foni. Ndilembe m'chiyankhulo chiti?

Yankho langa ndi loti funsoli silikhudza wolemba kwenikweni. Likhudza khutu la amene akukalandira, komanso ubale womwe ulipo pakati pa awiriwo.

Chifukwa chake dzanja limathawira ku Chingerezi

Tisanadzudzule aliyense, timvetse kaye chomwe chimachitika. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma Chingerezi chinakhalabe cha m'maofesi, m'makhoti ndi ku Nyumba ya Malamulo. Kusukulu, kuyambira Sitandade 5 kupita m'tsogolo, maphunziro onse kupatula Chichewa chenichenicho akhala akuphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linachilimbitsanso ngati chiyankhulo chophunzitsira. Pa MSCE, ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale utakhoza zina zonse.

Zotsatira zake n'zoti tinaphunzira kulira, kukalipa ndi kuseka m'Chichewa, koma kuganiza ndi cholembera m'manja tinaphunzira m'Chingerezi. Munthu wa digiri akhoza kulemba masamba khumi a Chingerezi osapuma, koma ndime imodzi ya Chichewa imamutulutsa thukuta. Sadziwa ngati alembe "ndi nali" kapena "ndinali", foni nayo ikumusinthira mawu, basi amangoti, "Aaa, ndingolemba pa Chingerezi." Apa sanasankhe chiyankhulo. Wangotsata njira yomwe phazi linazolowera.

Kuti tione kusiyana kwake, tiyerekeze mtsikana wa zaka 23, wa kwa Njema, yemwe akugwira ntchito ku Blantyre. Malume ake anapita ndi madzi a Freddy. Akufuna kulemba za imfayo, ndipo m'maganizo mwake muli anthu atatu: amayi ake kumudzi, mng'ono wake yemwe ali Fomu 4, ndi mnzake wa kunja yemwe anadziwana naye kuntchito. Nkhani ndi imodzi, koma makalata ndi atatu.

Kalata yopita kwa amayi

Apa ena anganene kuti yankho ndi lachidziwikire, poti amayi sadziwa Chingerezi. Koma tiyerekeze kuti amachidziwa, anafika Fomu 2 ndipo amawerenga bwinobwino. Chichewa chikupambanabe, pa zifukwa zitatu zomwe tingazigwire ndi manja.

Choyamba ndi "inu". Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha loitanira munthu yemwe ukuyankhula naye, kaya ndi khanda, kaya ndi mfumu. Chichewa chimakukakamiza kusankha pakati pa iwe ndi inu, ndipo kusankhako kumalowa m'mneni aliyense: munandiuza, mukukumbuka, ndakusowani. Mtsikanayu akalemba kuti, "Amayi, simunalire pamaso pathu, koma ndinakuonani kuseri kwa nyumba," ulemu uli m'chiganizo momwemo, ndipo ndi ulemuwo womwe ukumupatsa chilolezo chonena chinthu chovuta chotere. Chiganizo chomwecho m'Chingerezi chimaika mayi ndi mwana pampando umodzi. Kwa mayi wa ku Mulanje, chikhoza kumveka ngati mwana akumufunsa mlandu.

Chachiwiri ndi liwu loti malume. M'Chingerezi, mchimwene wa amayi ako, mng'ono wa bambo ako ndi mwamuna wa azakhali ako onse amatchulidwa ndi liwu limodzi. Koma pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja, omwe amatsata mtundu kuchikazi, malume si wachibale wamba. Ndi mwinimbumba. Ndi amene amaimirira pa chinkhoswe, amene amaitanidwa banja likagwedezeka, amene amakhala ndi mawu pa nkhani za malo ndi maliro. Mtsikanayu akalemba kuti, "Mbumba yatsala yopanda mwini," amayi ake amva zonse nthawi imodzi: kuti palibe wokamuimira akadzapeza banja, kuti mkangano wa munda ulibe woukhazika pansi. Ndipo akati "alongo anu" m'malo mwa "amalume", wavomereza kuti chisoni chachikulu ndi cha amayiwo, iye akungotsatira. Kuti zimenezi zimveke m'Chingerezi pafunika ndime yathunthu yofotokozera, ndipo kufotokozera mayi ako tanthauzo la mlongo wake ndi chipongwe.

Chachitatu ndi dzina la chomwe chinachitikacho. Pawailesi tinamva za namondwe. M'malipoti muli mawu a sayansi onena za nthaka yomwe yakhuta madzi n'kugumuka pamalo otsetsereka. Koma akuluakulu a m'mphepete mwa phiri ali ndi dzina lawo: Napolo, chinjoka chomwe amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka chimagumula chilichonse m'njira yake. Dzinali linamveka ku Zomba mu Disembala 1946, linamvekanso mu Malichi 1991 pomwe matope ochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe, komwe nthawi imeneyo kunali mbali ya boma la Mulanje. Mtsikanayu safunika kukhulupirira za njokayo kuti agwiritse ntchito dzinali. Akalemba kuti "usiku womwe Napolo anadutsa", waika imfa ya malume ake mumzere wa zomwe amayi ake anaziona kapena kuzimva ali mtsikana. Wawauza kuti akudziwa kuti aka si koyamba.

Pali funso linanso lomwe timaliiwala: kalatayi ikafika bwanji? Ngati amayi ali ndi foni ya mabatani, uthengawo ukafikira pa WhatsApp ya mwana wa oyandikana nawo nyumba, ndipo iye ndiye akawerenge mokweza. Ikakhala ya Chingerezi, mwanayo akhala womasulira, ndipo zomwe mwalemba usiku wonse zikafupikitsidwa kukhala, "Akuti akukusowani, komanso akudandaula za amalume." Ikakhala ya Chichewa, mawu anu afika momwe munawalembera. Izi zikutanthauzanso kuti muzilemba moganizira pakamwa pa wowerengayo: ziganizo zazifupi, mawu athunthu osati zidule za pa macheza, ndipo chinsinsi chomwe simukufuna kuti mudzi umve chisalowemo. Musanayambe, zimitsani `Auto-correction` pa kiyibodi ya foni, apo ayi dzina la malume anu lisanduka liwu lachilendo. Njira ina yabwino ndi kulemba kaye, kenako n'kuwerenga nokha ngati uthenga wa mawu, uja timangoti voisi.

Misampha ya Chichewa

Kusankha Chichewa sikutanthauza kuti kalata yatheka. Pali maenje awiri omwe olemba ambiri amagweramo.

Loyamba ndi Chichewa chomwe ndi Chingerezi chovala chitenje. Mumachizindikira ndi mawu ngati "ndikufuna kutenga mwayi uwu", "pamapeto pa tsiku", kapena "imfa yawo inandisiya ndi mafunso ambiri kuposa mayankho". Palibe amene amayankhula choncho ndi mayi ake pakhonde. Chimachitika n'choti wolembayo waganiza chiganizo m'Chingerezi, kenako n'kumasintha liwu limodzilimodzi. Mankhwala ake ndi kusamasulira. Ngati munayamba kulemba m'Chingerezi, tsekani tsambalo, yerekezani kuti amayi akhala pamphasa patsogolo panu, nenani mokweza zomwe mukufuna kuwauza, kenako lembani zomwe mwanenazo. M'malo mwa mafunso ndi mayankho aja mupeza kuti pakamwa patuluka mawu ngati, "Mpaka lero sindimvetsa kuti anabwereranji m'nyumba muja."

Dzenje lachiwiri ndi lozama kwambiri chifukwa limaoneka ngati ulemu. Chichewa chili ndi mawu okonzeka kale a pamaliro: zonse ndi chifuniro cha Mulungu, tonse ndi njira yomweyo, limbani mtima, mzimu wawo uuse mumtendere. Pasiwa mawuwa amagwira ntchito, chifukwa amathandiza munthu kunena kanthu pomwe palibe chonena. Koma m'kalata ya zamumtima akhoza kudzaza tsamba lonse popanda wolemba kunena chilichonse chake. Onjezerani miyambi iwiri itatu, mwalemba ulaliki. Kuti mudziwe ngati mwagweramo, fufutani dzina la malemuyo n'kuikapo la munthu wina. Kalatayo ikamvekabe bwino, ndiye kuti sinali ya malume anu.

Chomwe chimapulumutsa ndi zinthu zing'onozing'ono zomwe inu nokha ndi wowerengayo mukuzidziwa. Mtsikana wathu akhoza kulemba kuti: "Ndikaona nanazi pamsika ku Limbe ndimakumbuka momwe ankasendera, khungu lonse osaduka, kenako n'kutipatsa ife pakati iwo n'kudya m'mbali. Chaka chino ndagula kawiri, koma kusenda kwandikanika." Mulibe mwambi, mulibe liwu loti chisoni, koma amayi akaimva aika dzanja pakamwa.

Ndipo lembani Chichewa cha kwanu. Ngati kwanu mumati "anapita", musadzikakamize kulemba "adapita" poganiza kuti ndicho Chichewa chenicheni cha m'mabuku. Iyi si mayeso a chimangirizo. Amayi akufuna amve mwana wawo, osati wowerenga nkhani pawailesi.

Pomwe Chingerezi chimathandiza

Tsopano kalata yopita kwa mng'ono wake wa Fomu 4. Awiriwa amacheza mosakaniza, chiganizo chimayamba m'Chichewa n'kuthera m'Chingerezi. Zomwe mkuluyu akufuna kunena ndi zina: kuti kwa miyezi ingapo sankagona mvula ikamagwa usiku, kuti amadziimba mlandu poti iye anali ku tauni pomwe anzake ankathawa madzi, komanso kuti nthawi zina amawakwiyira malumewo chifukwa chobwerera kukatenga katundu.

Yesani kulemba mfundo yomalizayi m'Chichewa: "Ndimawakwiyira amalume." Ikulemera. Ikumveka ngati mwano kwa womwalira, chifukwa ulemu womwe uli m'mneni ukulimbana ndi mkwiyo womwe uli m'tanthauzo. Nkhani za maganizo nazonso zimavuta. Ukati "ndikudwala maganizo", ena amamva za misala. Ukati "ndili ndi nkhawa", zimamveka zopepuka, ngati za fizi kapena lendi. Achinyamata ambiri anaphunzira kutchula zinthu zimenezi m'Chingerezi, ndipo chiyankhulocho chimawapatsa kamtunda pang'ono, ngati kugwira mphika wotentha ndi kansalu.

Choncho ngati mtsikanayu alembera mng'ono wake m'Chingerezi, kapena mosakaniza momwe amayankhulira, sanagulitse mtundu. Wasankha chiyankhulo chomwe awiriwo amauzirana zinsinsi. Chofunika n'choti kusakanizako kukhale kwa onse awiri. Mng'onoyo akamafunika kutsegula dikishonale kuti amve mkulu wake, kalatayo yasanduka chionetsero cha sukulu.

Koma kansalu komweko kakhoza kukhala pobisalira. Chingerezi nachonso chili ndi mawu ake okonzeka kale, aja timawaona pa zithunzi za maluwa ndi makandulo, onena za kuchira, kulimba ndi kupita chitsogolo. Amamveka anzeru, koma ndi ofanana ndi "limbani mtima" uja. Njira yodziyesera ndi iyi: tengani chiganizo chomwe mukuchinyadira kwambiri, muchinene m'Chichewa mokweza. Chikasanduka chinthu chogwirika, monga "ndimaopa mvula", chisungeni. Chikasungunuka osatsala kanthu, chinali phokoso chabe.

Wowerenga wakutali

Kalata yachitatu, yopita kwa mnzake wa kunja, ilibe mkangano: ikhala ya Chingerezi. Funso ndi loti achite nawo chiyani mawu aja omwe sawoloka mtsinje, monga malume, mbumba ndi Napolo.

Apa alembi athu anatisiyira njira. Steve Chimombo, yemwe anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba, ankalemba ndakatulo zake m'Chingerezi, koma buku lake la 1987 analitcha Napolo Poems. Sanasake liwu la Chingerezi loti lilowe m'malo mwa Napolo. Analisiya momwemo, wowerenga wakunja n'kumaphunzira tanthauzo lake poona zomwe Napoloyo akuchita. Mtsikana wathu akhoza kuchita chimodzimodzi: alembe "malume" momwemo, afotokoze kamodzi m'chiganizo chimodzi kuti ndi ndani pa mbumba, kenako apitirize. Mnzakeyo saluza kanthu, wapindula liwu.

Njira ina ndi ya Samuel Josia Nthara. Buku lake la Nthondo linatuluka m'Chinyanja mu 1933, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi ndi mutu woti Man of Africa, atalimasulira T. Cullen Young. Anayamba ndi owerenga a kwawo, akunja anabwera pambuyo. Ndondomeko imeneyi ili ndi nzeru yake. Mukayamba ndi kalata ya amayi, mumakakamizika kunena zoona zokhazokha, chifukwa iwo analipo ndipo akudziwa. Mukayamba ndi ya mlendo, pamabwera chiyeso chokometsera: matope amakula, umphawi umakula, inu mumasanduka wofotokozera alendo za mavuto a kwanu. Zikatero ngakhale mutaimasulira bwanji, amayi akaimva adzati, "Koma zimenezi zinachitikira ife?"

Nanga Chilhomwe?

Ku Mulanje nkhaniyi siithera pa ziyankhulo ziwiri. Makolo a Alhomwe ambiri anachokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, ambiri n'kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. M'kupita kwa nthawi ana ndi zidzukulu anatengera Chichewa, moti lero alipo ambiri omwe amapita ku Chonde mu Okutobala kukavina pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe koma sangathe kucheza m'Chilhomwe kwa mphindi zisanu. Kwa agogo ena, Chichewa chomwe tikuchitcha cha kumtimachi ndi chiyankhulo chachiwiri.

Ngati wowerenga wanu ndi agogo otere, musayese kulemba kalata yonse m'chiyankhulo chomwe simuchidziwa, mungalakwitse pamalo osafunika kulakwitsa. Koma ngati pali liwu limodzi lomwe malemuyo ankakuitanirani, kapena moni womwe ankakupatsani m'mawa, ulembeni momwe unkamvekera, osaumasulira. Mfundo yake ndi yomwe ija ya Chimombo, kungoti pano mlendo ndi inuyo.

Musanatumize

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangolemba kalata imodzi m'ziyankhulo zonse ziwiri, pamwamba Chingerezi pansi Chichewa? Pa chidziwitso cha msonkhano zimatheka. Pa kalata ya zamumtima sizigwira, chifukwa taona kuti kusiyana sikuli pa mawu okha. Zomwe mtsikana uja angauze mng'ono wake za mkwiyo sangaziuze amayi ake, ndipo zomwe akufotokozera mnzake wa kunja amayi ake akuzidziwa kale kuposa iye. Wowerenga akasintha, zonena zimasinthanso.

Choncho musanalembe liwu loyamba, tchulani dzina la munthu mmodzi yemwe mukumulembera. Dzifunseni kuti mukanakhala naye panjira yochokera ku Limbuli, awiriwiri, nkhani imeneyi mukanaiyamba m'chiyankhulo chiti. Dzifunseninso ngati akawerenge yekha kapena akamuwerengera wina. Mukamaliza kulemba, werengani mokweza. Pomwe lilime lapunthwa, kapena pomwe mwachita manyazi poganiza kuti iye akumva, pamenepo pali liwu lomwe mwalembera anthu ena osati iyeyo. Lichotseni.

Ndipo ngati zomwe mwalemba zili za mlongo wa amayi anu, iwo azimve kaye zisanafike pa sitetasi.